Anthu 58 alephera funso loyesa chidwi: kodi ndiwachotse onse pa kafukufuku wanga?

Funso: Ndikuchita digiri yachiwiri ndipo ndinatumiza fomu ya KoboToolbox m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi a ku pulayimale. Ili m'Chingerezi, ili ndi mafunso 40 oyankha posankha 1 mpaka 5, m'magawo anayi a mafunso khumikhumi, ndipo ndinalonjeza mayunitsi kwa aliyense womaliza. Pakati ndinaikapo funso lakuti munthu angosankha "Disagree" kuti ndione ngati akuwerenga. Pa anthu 412, anthu 58 sanasankhe. Asupavayiza akuti ndiwachotse onse, koma ine mtima sukundilola. Nditani?

Yankho: Musawachotse kaye. Asupavayiza anu akunena zoona kuti m'deta yanu muli anthu amene ankangodinadina kuti afike pa mayunitsi, ndipo anthu otere amawonongadi zotsatira. Koma funso limodzi silingakuuzeni kuti anthuwo ndi ati. Pa 58 aja pali ena amene anayankha fomu yonse mwachidwi n'kuterereka pamalo amodzi, ndipo pa 354 amene anakhoza pabisala ena amene sanawerenge chilichonse. Ntchito yanu tsopano ndi kupeza maumboni ena awiri kapena atatu osadalirana, n'kuchotsa okhawo amene maumboniwo awaloza pamodzi.

Ndiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi si yongoipeputsa, chifukwa ophunzira ambiri amaganiza kuti mayankho osasamala amangofooketsa zotsatira basi, ndiye ngati chinthu chaonekabe ngakhale muli zinyalala, ndiye kuti n'chenicheni. Si nthawi zonse. Nthawi zina mayankho osasamala amapanga mgwirizano pamene panalibe. Tiyerekeze kuti gawo lanu loyamba likuyeza kukonda ntchito ya uphunzitsi, lachiwiri likuyeza kudzidalira pophunzitsa. Aphunzitsi oyankha mwachidwi akupereka avereji ya 4.2 pa magawo onse awiri, ambiri ali pakati pa 3.7 ndi 4.7, ndipo tinene kuti pakati pawo zinthu ziwirizi sizikuyenderana n'komwe, koreleshoni ndi 0. Tsopano lowetsanimo munthu mmodzi pa khumi aliwonse wongodina mwachisawawa. Munthu wotere, pa mafunso khumi, avereji yake imagwera pafupi ndi 3 pa gawo loyamba, komanso pafupi ndi 3 pa gawo lachiwiri. Pa girafu muona kagulu kali pansi pa magawo onse awiri, ndi chigulu chili pamwamba pa onse awiri, ndipo kompyuta idzajambula mzere wolumikiza magulu awiriwo. Mukawerengera ndi manambala amenewa, koreleshoni imakwera kuchoka pa 0 kufika pafupifupi 0.35. Pa anthu 400 imeneyo ituluka ngati yodalirika, ndipo mudzalemba mutu wonse wofotokoza chinthu chimene chinapangidwa ndi anthu ofuna mayunitsi. Huang, Liu ndi Bowling anasonyeza zimenezi mu 2015: vutoli limakula pamene avereji ya anthu osamala ili kutali ndi pakati pa sikelo. Choncho yang'anani maavereji a magawo anu anayi. Ngati ali pafupi ndi 3, osasamalawo akungofooketsa. Ngati ali ku 4 kapena ku 2, akhoza kukhala akukunamizani.

Chiwerengero chanu sichodabwitsa. Anthu 58 pa 412 ndi 14 pa 100 aliwonse, ndipo Meade ndi Craig mu 2012 anapeza kuti pakati pa 10 ndi 12 pa 100 mwa ophunzira a ku yunivesite amene anawafufuza ankayankha mosasamala pa fomu yaitali ya pa intaneti. Ndiye fomu yanu sinawonongeke. Chimene chatsala n'kudziwa amene ali m'chiwerengerocho.

Funso loyesa chidwi limalakwa mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yophweka kuiwerengera. Pa mayankho asanu, munthu wodina mwachisawawa amagwera pa lolondola kamodzi pa kasanu. Wina amene anaganiza zongodina "Disagree" kuchokera pamwamba mpaka pansi anakhoza funso lanu popanda kuliona. Palinso anthu ozolowera mafomu amene maso awo amasakasaka funso looneka lachilendo, kuliyankha bwino, n'kupitiriza kuthamanga. Mbali yachiwiri ndi imene imandikhudza kwambiri. Mphunzitsi akuyankha pa foni yaing'ono, chala chagunda mzere woyandikana nawo. Wina wawerenga funsolo bwinobwino koma sanamvetse kuti n'lamulo, akuona ngati mukumufunsa maganizo ake pa chiganizo chodabwitsa, ndiye wasankha chapakati. Wina mwana anamuitana pa mphindi yomweyo. Berinsky, Margolis ndi Sances mu 2014 anaika mafunso otere angapo m'fomu imodzi, ndipo anaona kuti munthu yemweyo amakhoza lina n'kulephera lina, komanso kuti kukhoza kumayenderana ndi zinthu monga maphunziro a munthu. Kwa inu izi zikutanthauza kuti mukachotsa onse 58, mukhoza kukhala mukuchotsa makamaka aphunzitsi amene Chingerezi cha pa fomu chimawavuta kapena amene ali ndi mafoni ovuta, ndipo mwina ndi omwewo amene maganizo awo pa ntchito ndi osiyana ndi a anzawo. Mudzatsala ndi deta yooneka yoyera koma yoimira gulu lina.

Ndiye tiyeni ku maumboni amene muli nawo kale m'faelo yanu.

Woyamba, ndipo wamphamvu koposa, ndi nthawi. Mwachita mwayi kuti munagwiritsa ntchito Kobo, chifukwa mukakopera deta mumapezamo mizati iwiri, `start` ndi `end`, bola ngati simunaizimitse pokonza fomu. Google Forms imangosunga nthawi yotumizira, ndiye kumeneko umboniwu kulibe. Chotsani `start` pa `end` kuti mupeze masekondi amene munthu aliyense anatenga. Huang ndi anzake mu 2012 anapereka malire amene ambiri amatsatira: masekondi awiri pa funso lililonse. Pa mafunso 40 ndi masekondi 80, ndipo apo sitinawerengere tsamba la chilolezo, mafunso a zaka ndi jenda, ndi polemba nambala ya foni. Munthu amene wamaliza zonsezo m'masekondi osakwana 80 sanawerenge, palibe zokambirana. Malirewa ndi ofewa kwambiri kwa anthu owerenga m'chilankhulo chachiwiri, choncho onaninso deta yanu yomwe. Sanjani nthawi kuyambira yochepa mpaka yaitali, pezani ya munthu wapakati penipeni pa mndandandawo, osati avereji, chifukwa avereji imakokedwa ndi anthu amene anatsegula fomu m'mawa n'kutumiza madzulo. Ngati wapakati anatenga mphindi 9, ndipo pali kagulu kamene kanamaliza m'mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako mpata, kenako anthu n'kuyamba kuchuluka pa mphindi zinayi, mpatawo ndi pamene malire anu ayenera kudutsa. Mungathenso kupempha anzanu awiri kapena atatu odziwa bwino Chingerezi kuti ayankhe mofulumira momwe angathere koma akuwerenga funso lililonse. Amene ali pansi kwambiri pa nthawi yawoyo sakanatha kuwerenga.

Nthawi yaitali musaiwerengere mlandu. Netiweki imadukaduka, foni imazima, munthu amapita kukaphunzitsa n'kudzapitiriza. Komanso dziwani kuti kupuma kotereku kumabisa othamanga ena: munthu wadina mafunso onse m'masekondi 50 koma fomu inakhala yotsegula theka la ola. Umboni wa nthawi ukaloza munthu ndi wodalirika, koma ukapanda kumuloza sizitanthauza kuti ndi wosamala.

Wachiwiri ndi kubwereza yankho limodzi motsatizana. Mumawerenga mzere wa munthu kuchokera pa funso loyamba mpaka la 40 n'kuona kuti ndi mafunso angati otsatana amene anapatsidwa yankho lofanana. Ngati mumagwiritsa ntchito R, pali phukusi lotchedwa `careless` limene limachita zimenezi:

```r
library(careless)
mf <- d[, paste0("q", 1:40)]
d$ls  <- longstring(mf)
d$irv <- irv(mf)
d$sec <- as.numeric(difftime(d$end, d$start, units = "secs"))
```

Apa `d` ndi deta yanu, ndipo mafunso ali m'mizati `q1` mpaka `q40`. Onetsetsani kuti `start` ndi `end` zawerengedwa ngati masiku ndi nthawi, osati ngati mawu. `longstring` imapereka kutalika kwa mndandanda wautali kwambiri wa yankho limodzi, ndipo `irv` imapereka mmene mayankho a munthuyo akusiyanirana okhaokha. Ngati muli pa Excel, ndipo mafunso anu ali m'mizati D mpaka AQ, yachiwiriyo mungaipeze motere:

```
=STDEV.S(D2:AQ2)
```

Ikatuluka 0, munthuyo anadina yankho limodzi pa mafunso onse 40.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaphonya apa. Mizati iyenera kukhala m'ndondomeko imene woyankha anaiona pa foni, ndipo muwerengere musanatembenuze manambala a mafunso olembedwa mobwerera kumbuyo. Mukayamba mwatembenuza, mzere wa 4, 4, 4, 4, 4 usanduka 4, 4, 2, 4, 2, ndipo wongodinayo aoneka ngati munthu woganiza mozama. Pa malire, Curran mu 2016 analangiza kuyambira pa theka la mafunso, kutanthauza 20 pa fomu yanu. Koma apa nzeru zanu zikufunika kuposa lamulo. Ngati mafunso onse 40 akuyang'ana mbali imodzi, onse akunena zabwino za ntchito, mphunzitsi wokondadi ntchito yake akhoza kuyankha "Agree" maulendo 15 kapena 20 motsatizana moona mtima. Ngati pakati pa mndandandawo pali chiganizo chotsutsana ndi zinzake, monga chakuti nthawi zambiri ndimaganiza zosiya ntchitoyi, ndipo nacho wachivomera atangovomera kuti akufuna kuphunzitsa mpaka kupuma, pamenepo mndandandawo ndi umboni weniweni.

Izi zikutifikitsa pa umboni wachitatu, umene umagwira anthu amene wachiwiri sangawaone. Wodina mwachisawawa, 2, 5, 1, 4, 3, alibe mndandanda wautali ndipo mayankho ake ndi osiyanasiyana ngati a munthu wosamala. Chimene chimamuulula n'kudzitsutsa. Tengani fomu yanu papepala, musanayang'ane mayankho, sankhani mapeya atatu kapena anayi a mafunso amene akunena chinthu chimodzi m'mawu osiyana, kapena amene akutsutsana poyera. Pa mafunso ofanana, kusiyana kwa masitepe atatu kapena anayi, monga 1 apa ndi 5 apo, n'kudzitsutsa. Pa otsutsana, kuvomera onse awiri kapena kukana onse awiri mwamphamvu n'kudzitsutsa. Peya imodzi siikwanira, aliyense amasokonezeka kamodzi. Ikani chizindikiro pa amene adzitsutsa pa mapeya awiri kapena kuposa. Phukusi lija lili ndi `psychsyn` ndi `psychant` zimene zimasaka mapeya zokha kuchokera m'deta, koma pa mafunso 40 nthawi zambiri zimapeza mapeya ochepa, ndipo nambala yotuluka pa mapeya ochepa imagwedezeka. Ine pa fomu ya msinkhu uwu ndimakonda mapeya osankha ndi manja, chifukwa mungathe kuwafotokoza pamaso pa oyesa anu.

Chenjezo limodzi lokhudza chilankhulo. Ziganizo za Chingerezi zokhala ndi "not" kapena zokana kawiri zimasokoneza anthu osamala ambirimbiri: munthu akufuna kunena kuti sakukhutira, koma sakudziwa ngati asankhe kuvomera kapena kukana chiganizo chakuti sindikukhutira. Mukaona kuti anthu ambiri, mwina mmodzi pa atatu aliwonse, adzitsutsa pa peya imodzimodziyo, vuto lili pa funsolo osati pa anthuwo. Peya imeneyo musaigwiritse ntchito poweruza.

Mwina mumva za `mahad`, imene imayeza kutalikirana kwa mayankho a munthu ndi a gulu lonse. Imagwira ena odina mwachisawawa, koma imagwiranso mphunzitsi woona mtima amene moyo wake ndi wosiyana ndi wa anzake. Pa kafukufuku wanu ndingaisiye.

Tsopano muli ndi zizindikiro zinayi pa munthu aliyense: kulephera funso loyesa chidwi, kuthamanga, mndandanda wautali, ndi kudzitsutsa. Lamulo limene ndikukulangizani ndi lakuti wokhala ndi zizindikiro ziwiri kapena kuposa achotsedwe, wokhala ndi chimodzi atsale, kupatula wothamanga mopitirira malire a masekondi 80 aja, amene achoke ngakhale alibe china. Lembani lamuloli ndi malire ake onse pa pepala lokhala ndi deti, muwatumizire asupavayiza, kenako ndiye muyang'ane zotsatira za mafunso anu a kafukufuku. Ndondomekoyi ndikuiumirira chifukwa malire amasunthika mosavuta: 80 kapena 120, 15 kapena 20. Mukayamba mwaona kuti pa malire ena mgwirizano umene mumaufuna ukutuluka, dzanja lanu lidzapita komweko ngakhale simukufuna kunama. Ngati mwaona kale zotsatira, tengani malire ofalitsidwa aja monga alili, masekondi awiri ndi theka la mafunso, osawasintha.

Tiyerekeze mmene zingatulukire, ndi manambala ongopeka kuti muone kayendedwe kake. Pa 58 aja, 34 apezeka ndi chizindikiro china chowonjezera, ambiri othamanga. Enawo 24 anatenga mphindi 8 kapena 12, mayankho awo akugwirizana, ena analemba ndemanga yomveka kumapeto. Pa 354 okhoza, 11 apezeka ndi zizindikiro ziwiri. Mukatsatira lamulo la funso limodzi mutaya anthu abwino 24 n'kusunga oipa 11. Mukatsatira la zizindikiro ziwiri muchotsa 45 n'kutsala ndi 367. Kenako werengerani zotsatira zanu zikuluzikulu katatu: pa onse 412, pa 367, ndi pa 354 a lamulo la asupavayiza. Ngati nkhani yake ndi imodzi konsekonse, lembani za 367 m'mutu wa zotsatira, zinazo muike m'tebulo limodzi kumapeto, ndipo mkangano watha. Ngati mgwirizano wina unali 0.30 pa onse n'kugwa kufika 0.10 mutachotsa 45 aja, mwapeza chinthu chija ndinafotokoza poyamba, ndipo muyenera kuchinena poyera. Ngati kusiyana kuli pakati pa 367 ndi 354, yang'anani anthu 24 aja kuti ndi otani: zaka zawo, sukulu za kumudzi kapena za m'tauni, maphunziro awo. Kuyerekeza kotereku kwa ochotsedwa ndi otsala muchite mulimonse mmene zingakhalire, ndipo mulembe m'mutu wa njira za kafukufuku pamodzi ndi mawu enieni a funso loyesa chidwi, malire onse, ndi chiwerengero cha ogwidwa ndi chizindikiro chilichonse.

Mayunitsi aja abweretsa vuto lina limene maumboni onsewa saliona bwino. Linki ikalowa pa WhatsApp imayenda, ndipo munthu mmodzi akhoza kuyankha kanayi ndi manambala a foni a achibale, kapena wina wosakhala mphunzitsi n'komwe. Munthu wotere pa ulendo wachiwiri amalidziwa funso lanu ndipo amalikhoza. Sanjani deta potsatira `_submission_time` n'kuyang'ana mafomu obwera motsatizana m'mphindi zochepa, aliyense akuyamba pamene mnzake wathera, mayankho ofanana pafupifupi onse, ndemanga yolembedwa ndi zolakwika zomwezo. Onaninso zosatheka, monga wa zaka 24 amene waphunzitsa zaka 15. Koma samalani, aphunzitsi a pa sukulu imodzi akhoza kubwerekana foni imodzi yokhala ndi bando pa nthawi yopuma, ndipo mafomu awo adzabweranso motsatizana. Kusiyana kwake n'kwakuti mayankho awo sadzafanana ndipo nthawi yawo siidzafupika ulendo ndi ulendo, pamene wobwereza amathamanga kwambiri pa fomu yachitatu kuposa yoyamba.

Za kulipira, ngati tsamba lanu la chilolezo silinanene kuti wolephera funso loyesa chidwi sadzalandira, apatseni onse mayunitsi awo. Kuchotsa mzere m'deta ndi nkhani ina, kuphwanya lonjezo ndi inanso.

Mukadzakonza fomu ina, ikani mafunso oyesa chidwi awiri, lina chakumayambiriro kwa theka loyamba, lina chakumapeto kumene anthu amakhala atatopa, ndipo mayankho ake akhale osiyana, lina "Disagree", lina "Strongly agree". Wodina mwachisawawa adzakhoza onse awiri kamodzi kokha pa 25, ndipo wodina yankho limodzi sangakhoze onse. Musapitirire apo. Meade ndi Craig analangiza limodzi pa mafunso 50 mpaka 100 aliwonse, osaposa atatu, chifukwa akachuluka anthu osamala amakhumudwa. Lembani lamulolo mwachidule ndi mosabisa, m'chilankhulo chimene anthuwo amaganizira, ndipo pewani ndime zazitali zobisa lamulo kumapeto ngati zimene Oppenheimer ndi anzake anayambitsa mu 2009, chifukwa pa foni yaing'ono zimayeza luso la kuwerenga kuposa chidwi. Ikani mafunso ochepa pa tsamba lililonse m'malo mwa chitebulo chachikulu chimene chimakopa chala kutsika mzere umodzi. Kumapeto funsani mwachindunji ngati munthuyo akuona kuti mayankho ake ndi oyenera kugwiritsidwa ntchito, mutamutsimikizira kuti mayunitsi alandira mulimonse mmene ayankhire. Ndipo ngati kafukufukuyo adzakhala woyesa, woti gulu lina liwerenga uthenga wina ndi lina uthenga wina, mafunso oyesa chidwi akhale uthengawo usanafike. Mukachotsa anthu potengera funso lobwera pambuyo pake, uthengawo ukhoza kukhala ndiwo wasintha amene akulephera, ndipo magulu anu awiri sadzakhalanso ofanana monga analili pamene munawagawa mwamaere.